Imbani, Lembani Kapena Dinani: Kasitomala Mukumuitanira Kuti?

Pansi pa zotsatsa malonda zambiri zimene timaziona pa Facebook pamakhala mulu wa zinthu: manambala a foni atatu, linki ya webusaiti, mawu akuti "tipezeni ku inibokosi", ndiponso kabatani kolembedwa `Learn More` kamene mwini malonda sakudziwa n'komwe kumene kakupita. Wotsatsayo amaganiza kuti akatsegula makomo onse, makasitomala alowa ambiri. Koma munthu amene akungoseweretsa chala pa foni ali pamzere ku banki sakhala ndi nthawi yosankha khomo. Akaona njira zinayi, amangopitirira.

Mawu oitanira ndi kachiganizo kaja kamene kamauza woona malonda chochita akamaliza kuwerenga. Ambiri amakatenga ngati mchira wongomatikapo kumapeto, kofanana kulikonse. Chikhalirecho kachiganizoka ndi pangano. Kamamuuza munthu chimene chichitike akadina, ndipo chimene chimachitika pa kuimba foni n'chosiyana kwambiri ndi cha uthenga kapena cha webusaiti. Njira iliyonse imamudyera kasitomala chinthu china, ndipo imafuna kuti wogulitsa akhale wokonzeka mwa mtundu wina.

Tiyerekeze kuti pali kakampani ku Lilongwe kamene kamagulitsa, kuika ndi kukonza zipangizo za sola: mapanelo, mabatire ndi mainveta. Kali ndi amisiri awiri, mtsikana mmodzi wa mu ofesi, foni imodzi ya bizinesi, ndi webusaiti ya masamba ochepa. Mwini wake wafuna kulipira Facebook kuti malonda ake aoneke kwa anthu ambiri. Asanalembe liwu lililonse, makinawo amufunsa cholinga chake. Masiku ano mu `Ads Manager` zolinga zilipo zisanu ndi chimodzi, ndipo zimene zikukhudza nkhani yathu ndi `Traffic`, `Engagement`, `Leads` ndi `Sales`. Funso limeneli si la mwambo chabe. Makina a Facebook amadziwa khalidwe la anthu: ena amakonda kudina malinki, ena amakonda kulemba mauthenga, ena amaimba. Mukasankha kuti mukufuna odina linki, malonda anu amakankhidwira kwa okonda kudina. Ndiye ngati mawu anu akuti "imbani" pomwe makina mwawauza kuti asake odina, mwalipira kuti musonkhanitse gulu lina n'kumalipempha za gulu lina. Kulakwitsa kumeneku n'kofala, ndipo kumazindikirika mosavuta: lipoti limaonetsa anthu mazanamazana amene adina, foni ili zii.

Tiyambe ndi foni, chifukwa ndiyo imamudyera kasitomala zambiri. Woimba amawononga mayunitsi ake, amafunika malo opanda phokoso, ndipo amafunika kulimba mtima kolankhula ndi munthu wosamudziwa. Munthu sachita zonsezi chifukwa chongofuna kuona mitengo. Amaimba chinthu chikamuthina: inveta yazima, magetsi palibe, nyama ya mu firiji yayamba kusungunuka. Amaimbanso ndalama ikakhala yaikulu ndipo akufuna kumva mawu a munthu asanaitulutse. Choncho malonda oitanira foni ayenera kukhala a vuto la lero. Kakampani kathu kangalembe kuti: "Inveta ikungolira, nyumba ili mumdima? Imbani, mmisiri ndi amene akuyankha, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Tikufika ku Area 25, 47, 49 ndi madera oyandikana nawo."

M'mawu ochepawa mwalowa zinthu zingapo. Kasitomala wauzidwa amene akamuyankhe, kotero akudziwa kuti mayunitsi ake sathera pa kumva kuti "dikirani ndikuitanireni abwana". Wauzidwa nthawi, kuti asaimbe 9 koloko usiku n'kukhumudwa. Wauzidwa malire a dera, ndipo zimenezi zimachotsa wa ku Mzimba amene akanangotopetsa mmisiri ndi mafunso a ntchito imene sangaifikire. Pa foni, kuchotsa osayenera n'kofunika kwambiri, poti foni imodzi imalankhula ndi munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Mphindi zisanu zimene zapita kwa wongofunsa ndi mphindi zimene wa inveta yozima wapeza foni ili yotanganidwa n'kuimbira kampani ina.

Batani loyenera pamenepa ndi `Call Now`. Koma muzidziwa chimene limachita. Munthu akalidina, foni yake siimba yokha. Imangotsegula poimbira, nambala italembedwa kale, ndipo iye ayenera kudinanso kachiwiri. Pakati pa kudina kuwiriku ambiri amabwerera: wakumbukira kuti alibe mayunitsi, kapena anangoligunda mwangozi. N'chifukwa chake chiwerengero cha odina batani si chiwerengero cha oimba. Chowerengera chodalirika ndi kabuku kamene kali pambali pa foni, momwe woyankha amalemba tsiku, nthawi, vuto, ndi yankho la funso lakuti "mwatimvera kuti?" Amene angakwanitse amagula simukhadi yapadera, nambala yake n'kumaiika pa malonda okhawo, ndipo foni iliyonse yolowa pamenepo imadziwika kumene yachokera.

Palinso khalidwe lathu lofulasha. Kasitomala amaliza foni kamodzi n'kudula, kudikira kuti inu muimbe. Wogulitsa wina amakwiya nazo, koma wanzeru amaziika m'mawu ake oitanira: "Ngati mulibe mayunitsi, fulashani, tikuimbirani." Mwachotsa chopinga chachikulu ndi ndalama yochepa. Chenjezo lake n'lakuti mwalonjeza, ndiye muimbedi, ndipo msanga. Ndi bwinonso kuika manambala a makampani onse awiri, Airtel ndi TNM, ngati muli nawo, chifukwa anthu ambiri amagula mabandulo a mphindi oimbira a netiweki yawo yokha. Apa manambala awiri sakusokoneza, poti chopemphedwa ndi chimodzi: imbani.

Nthawi yoonetsa malonda iyenera kutsata nthawi ya woyankha. Mu `Ads Manager` mutha kusankha maola ndi masiku, koma mwayi umenewu umapezeka mukasankha `Lifetime budget`, kutanthauza kuika ndalama yonse ya nyengo yotsatsira pamodzi m'malo mwa ya tsiku ndi tsiku. Popanda zimenezi, malonda anu oti "imbani tsopano" adzaoneka 2 koloko usiku, ndipo mudzalipira kuti anthu aimbire foni yozimitsa.

Uthenga ndi wopepuka kwa kasitomala, ndipo kupepuka kwakeko ndiko ubwino wake komanso vuto lake. Wolemba pa WhatsApp sawononga mayunitsi, atha kulemba ali pa msonkhano kapena mu minibasi, ndipo sachita manyazi kufunsa mtengo wa chinthu chimene mwina sangakwanitse. Mauthenga amabwera ambiri. Koma ambiri mwa iwo ndi "Moni", "Bho?" kapena "Zingati?" opanda mutu. Wogulitsa amayankha, wofunsayo osabweranso. Amene anayesapo njirayi amaidziwa bwino inibokosi yodzadza ndi moni.

Mankhwala ake ali m'mawu oitanira. Kungoti "tilembereni" sikukwanira. Muuzeni munthu cholemba. Kakampani ka sola sikangatchule mtengo kasanadziwe zimene nyumbayo ikufuna kuyatsa, chifukwa nyumba ya mababu asanu ndi TV siifanana ndi nyumba ya firiji ndi pampu ya madzi. Ndiye kalembe kuti: "Tumizani pa WhatsApp mndandanda wa zinthu zimene mukufuna kuyatsa magetsi akathima, ndi dera limene mumakhala. Tikutumizirani mtengo lero lomwe." Apa kasitomala wapatsidwa kantchito kakang'ono, ndipo walonjezedwa chimene alandire ndi nthawi yake. Wongoseweretsa chala sangavutike kulemba mndandanda. Amene walemba waonetsa kale kuti nkhaniyo waiganizira. Komanso uthenga umanyamula zimene foni singanyamule: chithunzi cha denga, chithunzi cha zimene zalembedwa pa sikirini ya inveta, malo pa mapu. Ngati ntchito yanu imayamba ndi kuona chinthu, monga ya osoka zovala, ophika makeke kapena ogulitsa masipeyala a galimoto, pemphani chithunzi m'mawu oitanira momwemo.

Batani lake ndi `Send WhatsApp Message`, kapena `Send Message` ngati mukufuna Messenger, ndipo nambala ya WhatsApp iyenera kulumikizidwa kaye ndi tsamba lanu la Facebook. Munthu akadina, WhatsApp imatseguka uthenga utalembedwa kale, iye n'kungotumiza. Mukapanda kuusintha, umakhala wa Chingelezi wofunsa zambiri mosatchula kanthu, ndipo mudzalandira chiganizo chimodzimodzicho kuchokera kwa anthu ambirimbiri, osadziwa amene akufunadi kugula. Usintheni, ulembedwe m'chilankhulo cha makasitomala anu, ndipo usiyidwe wosatha kuti munthu amalize yekha: "Ndikufuna mtengo wa sola. Ndimakhala ku..."

Kunja kwa malonda olipira, mutha kupanga linki yotere nokha n'kuiika paliponse:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20mtengo%20wa%20sola
```

M'malo mwa ma X muike nambala yanu, koma ziro woyambirira achoke, ndipo pasakhale chizindikiro cha + kapena mipata. Nambala yoyamba ndi 099 ikhala 26599, yoyamba ndi 088 ikhala 26588. `%20` iliyonse ikuimira mpata wa pakati pa mawu. Ambiri amasiya ziro uja, linki n'kumanena kuti nambalayo kulibe pa WhatsApp, iwo osadziwa, chifukwa sanaiyesepo pa foni ya munthu wina. Linkiyi ili ndi phindu linanso. Mukasintha mawu ake pang'ono malinga ndi kumene mwaiika, mwachitsanzo ya pa Facebook kuti "mtengo wa sola" ndipo ya pa chikwangwani kuti "mitengo ya sola", uthenga woyamba womwewo umakuuzani kumene kasitomala wachokera.

Pangano la uthenga ndi liwiro la yankho. Woimba foni akapanda kuyankhidwa amadziwa pomwepo. Wolemba uthenga amadikira, ndipo podikirapo amalembera ena awiri kapena atatu ogulitsa zomwezo. Woyamba kuyankha za nzeru ndi amene nthawi zambiri amatenga ntchito. WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018, ili ndi zothandizira pamenepa: `Greeting message` yolonjera wolemba koyamba, `Away message` ya nthawi imene mwaweruka, ndi `Quick replies` zosungira mayankho amene mumawabwereza kawirikawiri. Izi zimangogwirizira munthu kwa kanthawi. Ngati mwalemba kuti "lero lomwe" pomwe mtsikana wa mu ofesi ndi yemweyo wolandira alendo, wolemba malisiti ndi wopita ku banki, ndi bwino kulemba zoona: "Timayankha pasanathe maola 24." Lonjezo laling'ono losungidwa limagulitsa kuposa lalikulu lophonyedwa, makamaka mu mzinda umene anthu amauzana za amisiri m'magulu a WhatsApp a m'dera.

Tsopano webusaiti. Mabuku ambiri ophunzitsa kutsatsa analembedwa kumaiko kumene intaneti ili paliponse ndipo kutumiza munthu ku webusaiti ndiko koyambira. Kuno nkhani yake ndi ina. Anthu ambiri amagula mabandulo a WhatsApp ndi Facebook okha chifukwa ndi otsika mtengo. Munthu wotere malonda anu awaona bwinobwino, adina linki, koma tsamba lanu silitseguka poti lili kunja kwa bandulo yake. Facebook yawerenga kuti wadina, ndalama yanu yapita, iye sanaone kanthu. Ngakhale amene ali ndi bandulo ya zonse sadikira tsamba lolemera ndi zithunzi zikuluzikulu. Kafukufuku amene a Google anatulutsa mu 2016 anapeza kuti maulendo 53 pa 100 alionse a pa foni amasiyidwa tsamba likatenga masekondi oposa atatu kuti litseguke.

Vutoli limaoneka mukafananiza mizere iwiri ya mu lipoti: `Link clicks`, amene adina, ndi `Landing page views`, amene tsamba linawatsegukiradi. Yachiwiriyi imawerengedwa bwino webusaiti yanu ikaikidwa kachida kotchedwa `Meta Pixel`. Pakakhala phompho lalikulu pakati pa ziwirizi, vuto si mawu anu. Ndi tsamba lolemera, netiweki yofooka, kapena mabandulo aja. Ndipo mukauza makina kuti asake `Landing page views` m'malo mwa `Link clicks`, amayamba kukonda anthu amene masamba amawatsegukira.

Sindikunena kuti webusaiti n'njosafunika. Ili ndi ntchito imene foni ndi uthenga sizingagwire: siitopa, siiweruka, ndipo itha kuonetsa anthu chikwi mitengo pa nthawi imodzi popanda wolemba. Imayenera munthu amene adakali kuganiza, wofuna kufananiza modekha popanda womuthamangitsa. Imayeneranso wachibale amene ali ku Joni kapena ku Mangalande ndipo akufuna kuikira makolo ake sola kumudzi: intaneti ali nayo yokwanira, kuimba kuno n'kodula, ndipo akufuna kuona umboni wa ntchito zanu asanatumize ndalama. Mawu omuitanira asakhale oti "pitani pa webusaiti yathu", pakuti palibe amene amadzuka ndi chilakolako choona webusaiti. Atchule chimene akachipeze: "Onani mitengo ya masaizi atatu a sola ya pakhomo ndi zimene iliyonse ingayatse." Kenako linkiyo imufikitse pa tsamba la mitengolo, osati pa tsamba loyamba lokhala ndi mbiri ya kampani ndi chithunzi cha abwana. Kumufikitsa pa tsamba loyamba kuli ngati kulonjeza mlendo kuti mumuonetsa kumene agulitsa nsomba, n'kumusiya pa chipata cha msika wa Lizulu kuti afunefune yekha.

Kusankha batani kutsate zimene tsambalo lingachite. `Shop Now` ikulonjeza kuti munthu akagula pomwepo, ndiye ngati pa tsamba palibe polipirira, kaya ndi khadi, Airtel Money kapena Mpamba, batanilo lanama. `Learn More` ndi lofatsa, loyenera tsamba longofotokoza. `Get Quote` likuyenera tsamba la fomu yofunsira mtengo, ndipo fomuyo ikhale yaifupi: dzina, nambala, dera, zofuna kuyatsa. Bokosi lililonse lowonjezera, monga la imelo imene ambiri saigwiritsa ntchito, limagwetsa ena panjira. Ndipo kumbukirani kuti kufika pa webusaiti si kugula. Tsambalo liyenera kukhala ndi mawu akeake oitanira, ndipo kuno kwathu nthawi zambiri amakhala batani la WhatsApp lija kapena nambala yodinika. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba uthenga atachoka pa tsamba la mitengo safunsanso kuti "zingati?" Amafunsa kuti "mungabwere liti?"

Tiike manambala ongoyerekeza kuti tione mmene mwini kampani angaweruzire njira zitatuzi. Tinene kuti pa njira iliyonse waikapo K60,000. Pa ya webusaiti adina anthu 600, kutanthauza K100 pa munthu. Pa ya uthenga ayamba kucheza anthu 120, K500 pa munthu. Pa ya foni adina 40 okha, K1,500 pa munthu. Wongoyang'ana lipoti la Facebook anena kuti webusaiti yapambana kutali ndipo foni n'njowononga. Koma titsate anthuwo mpaka kumapeto. Mwa 600 aja, tsamba latsegukira 240, adzaza fomu 12, agula 2: kasitomala mmodzi wadya K30,000. Mwa 120 a uthenga, atumiza mndandanda 30, agula 4: K15,000 pa kasitomala. Mwa 40 a foni, aimbadi 15, ayankhidwa 9, ntchito zapezeka 3: K20,000 pa kasitomala. Ndondomeko yatembenuka.

Ngakhale pamenepa kuweruza sikunathe. Ntchito zitatu za pa foni mwina ndi zokonza, za phindu lochepa, pomwe awiri a pa webusaiti aikitsa sola ya nyumba yonse. Anthu 120 a pa WhatsApp adya maola angati a wogwira ntchito? Nanga asanu ndi mmodzi amene anaimba osayankhidwa, ndi vuto la malonda kapena la mu ofesi? Manambalawa amaloza pamene pakudontha. Odina akakhala ochepa, vuto lili pa mawu kapena chithunzi. Odina akachuluka koma ofika n'kuchepa, vuto lili pa njira. Ofika akachuluka koma ogula n'kusowa, mwina mawu analonjeza zimene kasitomala sanazipeze, kapena woyankha ndi amene akugwetsa malonda.

Kunja kwa intaneti mfundo ndi yomweyi, kungoti batani kulibe. Pa wailesi munthu sangadine, ndipo adiresi ya webusaiti yotchulidwa pakamwa siigwirika m'mutu, choncho chopempha chikhale nambala imodzi yosavuta, yotchulidwa kawiri mosathamanga. Pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu woyendetsa galimoto ali ndi masekondi ochepa, ndiye nambala ikhale imodzi, ya zilembo zazikulu. Pa kapepala kogawa m'manja mpamene mungaike zambiri, poti munthu amapita nako kunyumba.

Kakampani kathu ka sola sikayenera kusankha njira imodzi mpaka kalekale. Kangakhale ndi malonda atatu osiyana, aliwonse ndi chopempha chake chimodzi: okonza zowonongeka aziitanira foni masana okha, ofuna mtengo aziitanira WhatsApp, ndipo a mitengo ndi zithunzi za ntchito zakale azipita ku webusaiti, makamaka kwa abale a kunja. Asanayatse aliwonse, mwini wake abwereke foni ya mnzake, makamaka yotsika mtengo yokhala ndi bandulo ya Facebook yokha, adine batani lililonse, aone chimene kasitomala adzaone, ndiponso awerenge mphindi zimene zidutse ofesi yake isanamuyankhe.